Ndalama Idikire Lole: Kalata ya Mwini Golosale kwa a Holoselo

Lachisanu ndi tsiku la msika. Pofika 7 koloko mmawa njinga za kabaza zayamba kale kutsitsa anthu, amayi a mandasi akufuna ufa ndi mafuta, anyamata a tiyirumu akufuna shuga. M'golosale ya mayi wina, pamalo ena a malonda m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Dowa, mashelefu ali mbee. Katundu analipira Lolemba, ndalama yonse, ndipo a kuholoselo ku Lilongwe anamuuza kuti lole ifika Lachitatu. Lachitatu anaimba foni, anati mawa. Lachinayi anati galimoto ili pamzere wa dizilo. Lachisanu foni ikungoitana. Makasitomala ake akulowa, kusuzumira, n'kuwolokera kutsidya kwa msewu.

Aliyense amene anagulitsapo m'golosale kapena m'okala nkhaniyi akuidziwa. Chimene ambiri amachita ndi kukalipira dalaivala lole ikafika, kudandaulira selesimani, kenako sabata yotsatira kutumizanso ndalama yonse monga kale. Dalaivala apepesa, selesimani apepesa, koma pepani sapoletsa chilonda. Pali njira ina imene amalonda ang'onoang'ono saigwiritsa ntchito kwenikweni, mwina chifukwa amaiona ngati ya makampani akuluakulu: kulemba kalata yopempha kuti kalipiridwe kasinthe, kuti gawo lalikulu la ndalama lizituluka katundu akafika pakhomo. Tiyeni titsatire mayiyu monga chitsanzo, ndi ziwerengero zoyerekeza zimene mungasinthe n'kuikapo zanu, kuyambira m'kope lake mpaka pakalata imene analemba.

Kuchedwa kumadya zingati?

Asanagwire cholembera, mayiyu anayamba wadzifunsa kuti kuchedwaku kukumudyera ndalama zingati. Funsoli ndi lofunika chifukwa munthu amene sadziwa zimene akutaya sadziwanso zoti apemphe.

Mpamba wake wopikulira ndi K1,200,000. Amaoda mabelo a shuga, zigubu za mafuta ophikira za malita 20, matumba a ufa wa mandasi, makatoni a sopo, mchere ndi machesi. Akagulitsa zonse amapeza phindu la K120,000, ndiko kuti K10 pa K100 iliyonse imene waika. Zinthu zikamayenda bwino, kuchokera tsiku lolipira mpaka tsiku limene ndalama yabwerera m'manja mwake pamapita masiku 14. Ndiye kuti m'masiku 140 mpambawo umazungulira ka 10, phindu n'kukwana K1,200,000.

Tsono lole ikamachedwa ndi masiku 6 paulendo uliwonse, kuzungulira kumodzi kumatenga masiku 20. M'masiku 140 omwe aja mpamba uzungulira ka 7 kokha, phindu K840,000. Kusiyana kwake ndi K360,000 m'miyezi yosakwana isanu, popanda wakuba, popanda katundu wowonongeka, popanda kukwera kwa lendi. Ndalamayo yangotayika chifukwa mpamba unali kugona m'akaunti ya munthu wina pamene mashelefu anali opanda kanthu. Amalonda ambiri saliona bala limeneli chifukwa silituluka magazi: katundu amafika ndithu pamapeto pake, amagulitsidwa, phindu la pabelo lili lomwe lija. Chimene chachepa ndi kuchuluka kwa maulendo.

Palinso china. Pa K1,200,000 ija, K400,000 ndi ngongole ya kubanki m'khonde imene tiyerekeze kuti amabweza ndi chiwongoladzanja cha K20 pa K100 pamwezi, ndiye K80,000. Masiku 6 odikira lole ndi K16,000 ya chiwongoladzanja pa ndalama imene sinagwire ntchito iliyonse. Gulu silimva zoti dizilo anasowa. Tsiku lobweza likafika lafika. Ndipo kasitomala amene wawolokera kutsidya katatu motsatizana, ulendo wachinayi sasuzumiranso.

Chinthu chachiwiri chimene anachita ndi kutsegula kope lake la maoda. Mwayi wake unali woti amalemba tsiku lolipira, tsiku limene amulonjeza, ndi tsiku limene katundu wafika, ndipo amasunga malisiti ndi mauthenga a pafoni otsimikiza kuti ndalama yapita. Amene salemba zimenezi ayambe lero, chifukwa kalata yonena kuti "mumachedwa nthawi zonse" imayankhidwa ndi mawu amodzi okha, akuti si nthawi zonse. Kalata yonena kuti munalonjeza pa 19 Malichi, katundu anafika pa 26 Malichi, palibe amene angaitsutse, chifukwa tsiku lomwelo lili papepala limene dalaivala wawo anasainitsa.

Nanga lole imachedweranji?

Apa ndi pamene ndimaona kuti amalonda ambiri amafulumira. Kuchedwa kuli ndi magwero osiyanasiyana, ndipo gwero lake ndi limene likuuzeni ngati kalata ingathandize kapena ayi.

Nthawi zina vuto limakhala la dziko lonse. Tonse tikukumbukira mizere ya pamalo omwetsera mafuta imene yakhala ikubwerabwera kuyambira mu 2022, ndiponso misewu ndi milatho imene namondwe Freddy anadula kummwera mu Malichi 2023. Zikatero lole za maholoselo onse zimachedwa pamodzi, ndipo mukafunsa anzanu opikula kwina mupeza kuti nawonso akudikira. Nthawi zina lole imadikira kuti idzaze. Holoselo satumiza galimoto yaikulu ndi oda ya munthu mmodzi. Amadikira kuti maoda a njira imeneyo akwanire, ndipo inu amene munalipira koyamba ndinu amene mumadikira nthawi yaitali. Mudzazindikira zimenezi mukaona kuti katundu akafika amafika yense, koma tsiku lake ndi losadziwika. Vuto lotereli kalata imalithetsa msanga, chifukwa mankhwala ake ndi kugwirizana tsiku limodzi lokhazikika la njira yanu.

Koma pali gwero lachitatu, loopsa kuposa enawa. Holoselo wina amalandira ndalama ya katundu amene alibe m'nyumba yosungiramo, n'kugwiritsa ntchito ndalama ya makasitomala kukapikulira kufakitale. Chizindikiro chake n'chakuti lole ikafika imabwera yoperewera, ndipo choperewera chimakhala chomwechomwecho, makamaka katundu woyenda msanga monga shuga ndi mafuta. Amakuuzani kuti zotsalazo zibwera ulendo wamawa, ulendo wamawawo n'kuperewera zina. Pamenepa mwini golosale wasanduka banki ya holoselo, banki yosalandira chiwongoladzanja. Mayi wathuyu ataona kuti pa oda yachitatu panaperewera mabelo anayi a shuga, anayamba kukayika kuti mwina zili chomwechi, ndipo n'chifukwa chake anaganiza zoti nkhani ikhale pa ndalama osati pa malonjezo atsopano.

Tisaiwalenso kuti holoselo ali ndi zifukwa zake zofunira ndalama patsogolo, ndipo si zopanda nzeru. Nayenso nthawi zambiri amagula ndi ndalama yapamanja. Anawotchedwapo ndi amalonda amene analandira katundu n'kutseka golosale usiku. Ndipo mitengo imasintha mwadzidzidzi: mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atakongoza katundu pamtengo wakale analandira ndalama yosakwanira kugulanso katundu yemweyo. Kalata imene siganizira mantha amenewa idzawerengedwa ngati pempho la ngongole, ndipo mapempho a ngongole kuholoselo amathera m'dirowa.

Lamulo likuti chiyani?

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti kulipiriratu si lamulo. M'Malawi muli lamulo loona za kugulitsana katundu, lomwe lili pamutu 48:01 wa malamulo a dziko lino. Lamulolo limati ngati ogulitsana sanagwirizane mwanjira ina, kupereka katundu ndi kulipira zimayendera limodzi: wogulitsa akhale wokonzeka kupereka katundu polandira ndalama, wogula akhale wokonzeka kulipira polandira katundu. Ndiye kuti mwini golosale amene akupempha kuti azilipira lole ikafika sakupempha chachilendo. Akupempha kubwerera pamene lamulo limayambira.

Lamulo lomwelo limati ngati tsiku lobweretsa katundu silinatchulidwe, wogulitsa ayenera kubweretsa m'nthawi yoyenerera. Koma nthawi yoyenerera ndi masiku angati? Kwa mwini golosale ndi Lachitatu, kwa holoselo mwina ndi sabata ziwiri. N'chifukwa chake tsiku liyenera kulembedwa, ndipo zilembedwenso kuti tsikulo ndi mbali ya pangano, osati kungoyerekeza. Limanenanso kuti wogula ali ndi ufulu woyang'ana katundu asanavomereze, komanso kuti katundu akabwera wochepa kusiyana ndi amene munagwirizana mukhoza kumukana, kapena kumulandira n'kulipira wokhayo amene wabwera pamtengo wa pangano.

Koma pali malire amene aliyense ayenera kuwamvetsa. Kalata yanu ndi pempho, si chigamulo. Ngati mwakhala mukugula polipiriratu, pangano limenelo lilipobe mpaka onse awiri mutavomereza latsopano. Kukhala chete kwa holoselo si kuvomera. Ndipo ngati muli ndi ngongole ya katundu amene munalandira kale, musaigwire poti mukulanga kuchedwa kwa katundu wina. Mukatero mwasanduka ndinu ophwanya pangano, ndipo mphamvu yonse ya kalata yanu yatha.

Kalata yake

Analembera manijala wa holoseloyo, osati selesimani, chifukwa selesimani ntchito yake ndi kutenga maoda ndipo kawirikawiri alibe mphamvu yosintha kalipiridwe. Pamwamba anaika dzina la golosale yake, malo, nambala ya foni ndi tsiku, 22 Epulo. Kenako analemba chonchi:

Bwana Manijala,

PEMPHO LOSINTHA KALIPIRIDWE KA KATUNDU

Ndakhala ndikupikula kwa inu kwa zaka zitatu tsopano, ndipo nthawi yonseyi ndalipira oda iliyonse yonse katundu asananyamuke. Ndilibe ngongole ndi inu. Ndikulemba chifukwa ndikufuna kupitiriza kugula kwa inu, koma pali vuto limene ndikupempha kuti tilikonze.

Maoda anayi apitawa onse afika mochedwa. Ndinalipira pa 3 Febuluwale, munalonjeza pa 5, katundu anafika pa 11 Febuluwale. Ndinalipira pa 24 Febuluwale, munalonjeza pa 26, anafika pa 1 Malichi. Ndinalipira pa 17 Malichi, munalonjeza pa 19, anafika pa 26 Malichi ataperewera mabelo anayi a shuga. Ndinalipira pa 7 Epulo, munalonjeza pa 9, anafika pa 17 Epulo. Onse pamodzi ndi masiku 24 ochedwa, ndipo maulendo onse anayi katundu anaphonya msika wa Lachisanu, tsiku limene ndimagulitsa kwambiri. Makope a malisiti ndi a mapepala olandirira katundu ndawaphatikiza.

Ndikudziwa kuti mayendedwe avuta ndipo zina si zofuna zanu. Koma mpamba wanga ndi wochepa, ndipo ukakhala kwa inu katundu asanabwere ndimasowa pogwira. Choncho ndikupempha kuti kuyambira oda ya pa 5 Meyi tizichita motere.

Poika oda ndizilipira 30 peresenti, ndipo 70 peresenti yotsalayo ndizilipira tsiku limene katundu wafika, tikatha kuwerenga ndi dalaivala wanu, galimoto isananyamuke. Ndizilipira kuakaunti ya kampani yanu ndi kutumiza umboni wake nthawi yomweyo.

Tsiku lobweretsa katundu likhale Lachitatu, lizilembedwa pa invoisi. Katundu akafika Lachinayi lisanakwane 12 koloko masana, palibe chosintha. Akafika kupyola pamenepo, yotsalayo ndizilipira pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku limene wafika. Akachedwa kupyola masiku 5, ndikhale ndi ufulu wothetsa odayo, ndipo dipoziti yanga ibwezedwe pasanathe masiku atatu.

Katundu akabwera woperewera, ndizilipira yekhayo amene wafika. Mtengo ukhale wa tsiku limene ndalipira dipoziti.

Kumbali yanga, ndizitumiza oda Lachisanu kuti mukhale ndi nthawi yokonza galimoto, ndiziika oda sabata ziwiri zilizonse yosachepera K1,000,000, ndipo otsitsa katundu azikhala okonzeka kuti lole yanu isachedwe pakhomo panga. Ndikupempha tiyese njirayi kwa miyezi itatu. Ndikaphonya kulipira ngakhale kamodzi, tibwerere ku kalipiridwe kakale.

Ndingathokoze mutandiyankha molemba pofika pa 30 Epulo. Ngati pali mfundo imene mukuiona yovuta, ndili wokonzeka kubwera kuti tikambirane.

Ine kasitomala wanu,

Pansi pake anasaina, kulemba dzina lake lonse, ndi kudinda chidindo cha golosale.

Zimene zili kuseri kwa mawu

Taonani kuti m'kalata yonseyi mulibe liwu lonyoza. Sanalembe kuti ndinu abodza, ngakhale mumtima mwake mwina anali kuganiza choncho. Sanatchule dzina la dalaivala kapena la selesimani, chifukwa anthu amenewa ndi amene adzapitirize kumubweretsera katundu, ndipo munthu amene wakalipiridwa ndi abwana ake chifukwa cha kalata yako ali ndi njira zambiri zoikira oda yako pansi pa mulu. Mkwiyo wonse wasanduka masiku ndi ziwerengero. Sanaopsezenso kuti apita kwina. Holoselo aliyense amadziwa kuti mumsewu womwewo muli anzake ogulitsa zomwezo. Sikofunika kumukumbutsa, ndipo chiopsezo chimene simungachite chimangokuchepetsani.

Nanga bwanji 30 peresenti, osati kukana kulipiriratu kulikonse? Chifukwa dipoziti imayankha mantha a holoselo. Pa oda ya K1,200,000, dipoziti ndi K360,000, ndalama yokwanira kumutsimikizira kuti lole yake siyenda ulendo wachabe n'kupeza golosale yotseka kapena munthu atasintha maganizo. Koma K840,000 yotsala ili m'manja mwa mayiyu, ndipo apa ndi pamene zinthu zatembenukira. Kale, lole ikachedwa wovutika anali iye yekha. Holoselo anali atalandira kale zake zonse ndipo panalibe chomufulumizitsa. Tsopano tsiku lililonse limene lole yachedwa ndi tsiku limene holoselo sanalandire K840,000. Pokonza ndandanda ya magalimoto mmawa, oda yolipidwa kale ikhoza kudikira, koma oda imene ndalama yake ikudikira pakhomo imakwera koyamba.

Mfundo ya masiku 7 ndi imene ine ndimaikonda kwambiri, ndipo ndiyofunika kuilingalira bwino. Ena amalangiza kuti mulembe chindapusa, monga kuchotsera 2 peresenti pa tsiku lililonse lochedwa. Ine sindigwirizana nazo. Phindu la holoselo pa katundu ngati shuga ndi laling'ono pabelo lililonse, amadalira kuchuluka kwa zogulitsa, ndiye chindapusa cha masiku ochepa chikhoza kudya phindu lake lonse pa odayo. Manijala aliyense adzakana asanamalize kuwerenga. Koma kupempha nthawi m'malo mwa ndalama n'kosiyana. Holoselo sataya tambala, amangodikira monga anadikiritsa mnzake. Ndipo kwa mwini golosale masiku 7 amenewo ali ndi tanthauzo lenileni: katundu wophonya msika wa Lachisanu amayenda pang'onopang'ono mpaka Lachisanu linalo, ndiye ndalama yolipirira imapezeka msika wotsatira utadutsa. Mfundoyi yachokera m'mayendedwe a malonda ake enieni, ndipo akafunsidwa akhoza kuifotokoza.

Ufulu wothetsa oda pakapita masiku 5 ndi umene umamasula mpamba. Popanda mfundo imeneyi, mayiyu sangagwiritse ntchito K840,000 ija kukapikula kwina, poopa kuti lole ingatulukire mawa iye alibe cholipira. Ndi mfundoyi akudziwa tsiku lenileni limene angakwere minibasi kukagula yekha. Ndipo mfundo ya mtengo imatseka khomo limene amalonda ambiri agwerapo: kulipira Lolemba, katundu kuchedwa sabata, kenako kuuzidwa kuti mtengo wakwera, onjezerani kapena tichepetse makatoni. Holoselo akhoza kukana kumanga mtengo kwa nthawi yaitali, ndipo ali ndi chifukwa. Koma ngati kuchedwako ndi kwake, kukwera kwa mtengo m'masiku ochedwawo kusagwere wogula.

Ndime yonena zimene iye adzachite ndi imene imasandutsa kalatayi kukhala malonda osati dandaulo. Holoselo amafuna zinthu ziwiri kwa kasitomala: kudziwiratu oda, ndi lole yosachedwa potsitsa. Oda yotsimikizika ya K1,000,000 sabata ziwiri zilizonse ndi maoda 26 pachaka, ndiye ndalama yosachepera K26,000,000. Golosale yaing'ono ikadziwerengera pachaka imapezeka kuti si yaing'ono monga imadzionera. Koma lonjezo limeneli likhale loona. Amene amaoda K600,000 asalembe K1,000,000 pofuna kusangalatsa, chifukwa mwezi wachiwiri adzakhala iye woyamba kuphwanya pangano limene analemba yekha.

Kalata ikapita

Anasindikiza makope awiri, n'kupita nawo yekha ku Lilongwe tsiku losakhala la piringupiringu. Imodzi anasiya, inayo anapempha kuti aidinde ndi kulembapo tsiku lolandirira. Madzulo ake anatumiza chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp ya manijala, kuti pasakhale zoti sinafike. Kupita wekha kuli ndi ubwino wina: kwathu kuno pepala lofika lokha, popanda nkhope ndi moni, limaoneka ngati samani. Munthu akayamba walonjera, kufotokoza pakamwa mwaulemu, kenako n'kunena kuti ndalemba kuti tisaiwale, kalata yomweyo imalandiridwa mosiyana.

Mayankho amene angabwere ndi atatu. Akhoza kuvomera zonse, zomwe sizichitika kawirikawiri. Akhoza kubweza ndi zawo, monga theka poika oda ndi theka katundu akafika, kapena kuvomera kulipira pakhomo koma kukana masiku 7. Pachifukwa ichi munthu apite atadziwiratu pamene angalolere ndi pamene sangalolere. Kwa mayiyu, theka ndi theka n'zotheka, chifukwa K600,000 ikhalabe m'manja mwake. Koma tsiku lolembedwa pa invoisi ndi kubwezedwa kwa dipoziti sangazisiye, chifukwa popanda ziwirizi zonse zibwerera mwakale. Chilichonse chimene agwirizana pakamwa chilembedwe tsiku lomwelo, ngakhale ndi uthenga wa pafoni wonena kuti monga tagwirizana lero, ndipo winayo ayankhe kuti inde.

Yankho lachitatu ndi lija la "tiona, abwana akulu kulibe", sabata ndi sabata. Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo kumalonda nakonso anthu amakana chomwecho. N'chifukwa chake kalata ili ndi tsiku loyankhira. Likadutsa, kumbutsani kamodzi. Likadutsanso, yambani kugawa oda: katundu woyenda msanga mukagule kwina kapena mukatenge nokha, kwa holoselo wakaleyo musiye zochepa. Ndipo ngati holoselo akukana ngakhale kulandira theka pakhomo kuchokera kwa kasitomala wa zaka zitatu wopanda ngongole, pamene katundu wake amabwera woperewera, chenjerani ndi ndalama yanu. Mwina katunduyo alibe.

Pangano likavomerezedwa, ngozi yaikulu imasamukira kwa mwini golosale. K840,000 yokhala m'manja masiku awiri kapena atatu imaitana mavuto: fizi ya mwana, maliro kumudzi, katundu wotchipa amene wina wabwera naye pakhomo. Ndalamayo si yanu, ndi ya lole. Isungeni kuakaunti yapadera, ndipo funsani msanga malire a ndalama imene mungatumize patsiku pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki yanu, kuti lole isaime pakhomo inu mukuthamangira kwa ma ejenti. Musatumize ndalama ya kampani kunambala ya dalaivala, ngakhale atanena kuti abwana avomera. Katundu akafika werengani katoni iliyonse asanatsitse yotsatira, gwedezani zigubu, yang'anani mabelo onyowa kapena ong'ambika, ndipo choperewera chilichonse chilembedwe papepala lolandirira katundu musanasaine, dalaivala asainenso pomwepo, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi imene lole yafika. Mukasaina pepala loyera, mwavomereza kuti zonse zafika bwino, ndipo mawa palibe adzakumvereni.

Ngati inunso lole yanu yaphonya misika itatu, tsegulani kope usiku uno mulembe masiku olipira, olonjezedwa ndi ofikira a maoda anu anayi omaliza, muwerenge masiku amene mpamba wanu wagona kwa eni holoselo. Kalatayo muipereke musanatumize ndalama ya oda yotsatira.